Telala woyesa sitayelo pa chithunzi asanadule nsalu: mafunso ndi mayankho

Ntchito yosoka ndinaiphunzira pa khonde la sitolo ina ku Limbe, kwa telala wina wachikulire amene anali ndi chizolowezi chimene anzake a makhonde oyandikana ankachiseka poyamba. Kasitomala akabwera ndi nsalu yodula kapena ya maluwa ovuta, iwo sankathamangira sizasi, koma ankayamba ajambula chovalacho pamwamba pa chithunzi cha mwiniwake. Nkhani ya mayi wina amene anabwera ndi chitenje cha ku chinkhoswe ndakhala ndikuifotokoza kwa ophunzira ndi kwa atelala anzanga, ndipo mafunso amene amatsatira amakhala omwewomwewo. Ndawaika pano pamodzi ndi mayankho ake. Mayina a aphunzitsi anga ndi a mayiwo sindiwatchula.

Kodi nkhaniyi imati chiyani kwenikweni?

Mayi wina anafika pa khonde kutatsala masabata atatu kuti mwana wa mchemwali wawo achite chinkhoswe. Anatulutsa m'chikwama chitenje cha mamita 4 chosadula, chobiriwira, chokhala ndi maluwa akuluakulu ozungulira achikasu, kenaka anawonetsa aphunzitsi anga chithunzi cha pa foni. Pa chithunzipo panali mtsikana wamtali atavala siketi yothina m'chiuno, yotambasuka kumunsi, yosokedwa m'zidutswa zisanu ndi chimodzi, ndiponso bulauzi yokhala ndi kansalu kotambalala kozungulira m'chiuno. Mayiwo anati, "A telala, ndikufuna chimenechi ndendende, ndipo duku lake lichoke pomwepa."

Aphunzitsi sanatsutse. Anawayeza monga mwa nthawi zonse, kenaka anapempha chilolezo choti awajambule chithunzi ataima chilili, nawauza kuti abwerenso mawa lake nsalu isanakhudzidwe. Atabwera anapeza zojambula zitatu pa thupi lawo lomwe: sitayelo imene anapempha ndi zina ziwiri. Anayang'anitsitsa yoyambayo kwa kanthawi ndithu, nati, "Iyi ayi, bambo, maluwa anga aphwanyika." Anasankha yachitatu, ndipo ndi imene inasokedwa. Chovalacho chinatuluka bwino ngakhale kuti panali cholakwika chimodzi chimene chithunzi sichinaulule, chomwe ndachifotokoza pa funso lina m'munsimu.

Bwanji osangosankha sitayelo pa foni kapena pa chikalata cha masitayelo chopachika pakhoma?

Chifukwa munthu amene ali pa chikalatayo si kasitomala wanu, ndipo nsalu imene wavalayo si imene ili m'manja mwanu. Anthu amene amajambulidwa kuti awonetse masitayelo nthawi zambiri amakhala aatali, ndipo atelala enieniwo akamajambula pamanja amatalikitsa miyendo osazindikira. Thupi la munthu wamkulu kawirikawiri limakhala lotalika ngati mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka kapena isanu ndi itatu, pamene chithunzi cha m'mabuku a mafashoni chimafika mitu isanu ndi inayi kapena kupitirira. Pa thupi lokokedwa chotero pafupifupi sitayelo iliyonse imakongola.

Kasitomala akaloza chithunzi n'kunena kuti akufuna chimenecho, m'maganizo mwake amadziwona yekha ali ndi msinkhu wa munthu winayo. Telala naye amamva mawu omwewo koma n'kuganiza zake. Awiriwa amatsanzikana akukhulupirira kuti amvana, ndipo kusamvana kwawo kumadzawonekera tsiku loyesa chovala, nsalu itadulidwa kale. Ntchito ya chithunzi ndi kubweretsa mkangano umenewo patsogolo, pa nthawi imene chowonongeka ndi pepala chabe.

Pamafunika zipangizo zanji?

Zochepa kwambiri: foni yojambulira, chithunzi chosindikizidwa pa pepala la A4 ku malo amene amachita fotokope, pepala lopyapyala lowonekera mkati, pensulo, chofufutira, rula ndi makerayoni. Pepala lowonekera likasowa, lija lophikira makeke limagwira ntchito, ndipo aphunzitsi anga masiku ena ankangotsamiritsa chithunzi pa galasi la zenera la sitolo masana, n'kuika pepala wamba pamwamba pake. Chithunzi chosindikizidwa mosayika mitundu chimakwana, chifukwa chofunika pa icho ndi maonekedwe a thupi basi.

Chithunzicho chijambulidwe motani kuti chisanamize?

Apa ndi pamene ambiri oyamba kumene amalakwitsa, ndipo cholakwika cha pano chimayenda mpaka pa nsalu. Wojambula aime patali mamita atatu kapena kuposerapo, ndipo foni ikhale molingana ndi chiuno cha kasitomala, yowongoka, osati yopendekera pansi. Mukajambula muli pafupi, foni ili pa maso panu, mutu ndi mapewa zimakula pamene miyendo imafupika, ndipo mukhoza kumukaniza munthu siketi yaitali pa chifukwa chimene mwachipanga nokha ndi kamera. Mukagwada n'kujambula chokweza, zimachitika zosiyana ndi zimenezi: miyendo imatalika ndipo chilichonse chimawoneka chomuyenera.

Kasitomala aime mmene amaimira masiku onse, osakoka mimba ndiponso osatukula chifuwa, manja atawatalikitsa pang'ono ndi thupi kuti mzere wa m'chiuno uwoneke. Avale chovala chosakhuthala komanso chosakula kwambiri, ndipo ngati watchinga chitenje pamwamba pa diresi, mumupemphe mwaulemu kuti achotse chitenjecho kwa kanthawi, chifukwa mfundo yake imanenepetsa chiuno. Nsapato zikhale zimene adzavale pa tsikulo kapena zofanana nazo msinkhu. Kumbuyo kwake kukhale khoma lopanda zolemba.

Chomaliza, muyezeni kutalika kuchokera pamutu mpaka pansi, ali ndi nsapato zomwezo. Ena amakonda kuika rula yaitali m'chithunzi, ndipo n'zabwino, koma rulayo iime pambali penipeni pa munthuyo. Ikakhala pakhoma kumbuyo kwake imakhala kutali ndi kamera kuposa iye, motero imawoneka yaifupi ndipo masamu onse amasokonekera.

Mumadziwa bwanji kukula kwa maluwa a chitenje pa chithunzi chaching'ono chotero?

Mumagawa kutalika kwenikweni kwa munthu ndi kutalika kwake pa pepala, ndipo nambala imene yatuluka ndi imene mumagawira china chilichonse. Mayi a m'nkhaniyi anali aatali masentimita 160 ali ndi nsapato, ndipo pa pepala anatuluka aatali masentimita 20. Pogawa 160 ndi 20 timapeza 8, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa chithunzi ikuimira masentimita 8 pa thupi. Nambalayi siimatuluka yosalala chonchi nthawi zonse. Aphunzitsi ankachita kupempha mnyamata wa pa fotokope kuti akulitse kapena achepetse mpaka ifike pa 8 kapena pa 10, kuti asavutike ndi masamu.

Kenaka mumayala chitenje pa tebulo n'kuyeza zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukula kwa duwa, ndipo la mayiwa linali masentimita 24 kuchokera mbali ina kufika ina, lomwe pa chithunzi ndi masentimita 3. Chachiwiri ndi mtunda wochokera pakati pa duwa limodzi kufika pakati pa lotsatira, womwe unali masentimita 40, kapena kuti 5 pa chithunzi. Aphunzitsi anajambula maluwawo pa pepala lapadera m'miyeso yochepetsedwayo, mizere yake monga inalili pa nsalu, kenaka anajambula chovala pa pepala lowonekera limene linali pamwamba pa chithunzi. Atatero anaika pepala la chovala pamwamba pa la maluwa n'kumalisuntha, uku ndi uku, m'mwamba ndi m'munsi, kuti awone pamene duwa lililonse likugwera.

Kudumpha sitepe imeneyi n'kumene kumapangitsa njira yonse kukhala masewera. Munthu akamajambula maluwa mongoyerekeza, dzanja lake limawachepetsa lokha kuti akwane bwino pa chovala, ndipo chojambulacho chimakongola kuposa chimene nsalu ingapereke.

Nanga chithunzi chinawonetsa chiyani pa sitayelo imene mayiwo anapempha?

Chinawonetsa kuti palibe duwa ngakhale limodzi limene likanatsala lathunthu kuchokera m'chiuno mpaka m'mawondo. Mayiwo anali masentimita 104 kuzungulira pa mahipi, ndipo powonjezera masentimita 4 opumira timapeza 108. Siketi ya zidutswa zisanu ndi chimodzi imagawa 108 ameneyo, ndiye kuti chidutswa chilichonse chimakhala masentimita 18 pa mahipi, ndipo m'chiuno chimachepa kuposa pamenepo. Duwa la masentimita 24 silingakwane pa chidutswa cha 18. Likaikidwa pakati limametedwa mbali zonse ziwiri, ndipo pa msoko uliwonse pamakumana zibenthu za maluwa awiri osiyana. Mtsikana wa pa foni uja anavala nsalu ya timaluwa ting'onoting'ono timene msoko sutivulaza, ndipo n'chifukwa chake pa iye vutoli silinkawoneka.

Kansalu ka m'chiuno mwa bulauzi nako kanabweretsa vuto lake. Kanathera ndendende pamene mayiwo ali otambalala kwambiri, ndipo pa munthu wa msinkhu wawo mzere wopingasa umenewo unadula thupi pakati, miyendo n'kuwoneka yaifupi. Aphunzitsi sananene chilichonse cha zimenezi. Anangoyala mapepala atatuwo pa bolodi lodulira n'kubwerera ku makina, ngati kuti ali ndi mpendero wofunika kumaliza. Ndinawafunsa pambuyo pake chifukwa chimene anakhalira chete, ndipo anandiuza kuti mayi akamva kwa telala kuti sitayelo siikuwayenera amamva ngati wanyoza thupi lawo, koma akaziwona okha amadzudzula sitayeloyo.

Kodi mamita 4 aja akanakwana pa sitayelo yoyambayo?

Akanakwana movutikira, ndipo duku likanasowa. Chitenjecho chinali masentimita 115 m'lifupi, ndipo siketi inayenera kutalika masentimita 96, omwe pamodzi ndi mpendero ndi msoko wa m'chiuno amafika 102. Motero chidutswa chilichonse chikanadulidwa chopingasa nsalu, monga timachitira kawirikawiri ndi zitenje. Kumunsi chidutswa chilichonse chinafunika masentimita 40 kuti siketi itambasuke, kuphatikizapo 3 a misoko, ndiye 43. Zidutswa zisanu ndi chimodzi zikanadya masentimita 258, n'kutsala 142 a bulauzi, manja ake ndi kansalu kozungulira kaja, komwe kamadya nsalu kuposa mmene kamawonekera.

Pa nsalu yopanda maluwa telala amapulumutsa malo potembenuza zidutswa, china mutu m'mwamba china mutu pansi, kuti zilowane. Maluwa a chitenjechi anali ndi tsinde loloza mbali imodzi, choncho kutembenuza kukanachititsa kuti ena azondoke. Ndipo ngati mayiwo akanafuna kuti duwa likhale pakati pa chidutswa chilichonse, chidutswa cha 43 sichikanakwana mu mtunda wa 40, motero telala akanayenera kuchepetsa kutambasuka kwa siketi kapena kudumpha mzere umodzi wa maluwa pa chidutswa chilichonse. Kudumphako kukanafuna pafupifupi masentimita 450 pa siketi yokha, kuposa nsalu yonse imene inabwera.

Tsono chimene chinasokedwa n'chiyani, ndipo chinatheka bwanji?

Inali siketi yowongoka yaitali ya zidutswa ziwiri zokha, chakutsogolo ndi chakumbuyo, bulauzi yosalala yothera pamwamba pang'ono pa mahipi, ndi duku. Theka la 108 ndi 54, ndipo pa chidutswa cha masentimita 54 duwa la 24 limakhala pakati lathunthu, n'kutsala 15 mbali iliyonse. Popeza mpata wa pakati pa maluwa awiri unali masentimita 16, misoko ya m'mbali inagwera pa malo obiriwira okhaokha, duwa lotsatira lisanayambe. Zimenezi aphunzitsi anaziwona posuntha mapepala aja, ndipo atatsimikiza ndi tepi pa nsalu yeniyeni anamwetulira ngati munthu amene watola ndalama panjira.

Zipi anaiika m'mbali ya kumanzere osati kumbuyo, chifukwa msoko wa pakati kumbuyo ukanang'amba mzere wonse wa maluwa. Mpata woyendera nawo anausiya pa msoko wa m'mbali, kuyambira m'munsi mwa bondo. Chidutswa chilichonse ndi misoko yake chinali masentimita 59, ndipo kuti zonse ziwiri zikhale ndi duwa pakati, siketi inadya pafupifupi 140. Bulauzi inadya ngati omwewo, manja ake anachokera pa nsalu yotsala m'munsi mwake, ndipo panatsala pafupifupi 120 a duku. Khosi la bulauzi analipanga lozungulira, chifukwa pa pepala khosi losongoka linkalowa m'duwa la pachifuwa. Duwalo analikweza kuti likhale pakati pa chifuwa, popeza litatsika pang'ono linkagwera pamimba, ndipo sindinawonepo mayi amene amafuna kuti anthu a pa chinkhoswe aziyang'ana pamenepo.

Sitayelo yachiwiri, imene sinasankhidwe, inali diresi lathunthu lodulidwa pansi pa chifuwa. Maluwa linkawasunga bwino, koma mayiwo anati akufuna bulauzi imene angadzavalenso ndi siketi yakuda ku tchalitchi.

Kodi ndiye kuti chithunzi chingalowe m'malo mwa tepi yoyezera?

Ayi, ndipo amene wayesa zimenezi waphunzira ndi nsalu ya mwini. Chithunzi chimawonetsa kutambalala kwa munthu mukamuyang'ana kutsogolo, pamene chovala chimafuna muyeso wozungulira thupi. Mayi athuwa pa pepala anali otambalala masentimita osakwana 5 pa mahipi, omwe pochulukitsa ndi 8 amapereka pafupifupi 38, chonsecho tepi inanena 104. Palibe masamu odalirika ochokera pa 38 kufika pa 104, chifukwa anthu awiri ofanana kutambalala kutsogolo akhoza kusiyana kwambiri kukhuthala kwawo kuchokera pamimba kufika kumbuyo.

Chimene chithunzi chimachita bwino ndi miyeso yotsika: pamene bulauzi ithere, pamene manja afike, kuzama kwa khosi, kutalika kwa siketi. Ngakhale imeneyi, mukaisankha pa pepala muitsimikize pa thupi. Ngati mzere wa bulauzi uli masentimita 7 kuchokera paphewa pa chithunzi, ndiye kuti ndi pafupifupi 56 pa munthu, koma tepi imadutsa pamwamba pa chifuwa ndipo imafuna owonjezera pang'ono. Ikani tepi paphewa, kasitomala aloze yekha pamene mwagwirizana, ndipo nambala imeneyo ndi imene mulembe m'buku.

Munati panali cholakwika. Chinali chiyani?

Tsiku loyesa, kutsogolo kunali monga pa pepala, koma mayiwo atatembenuka tinawona makwinya opingasa kumsana, pamwamba pang'ono pa chiuno, ndipo mpendero wa siketi unali utakwera kumbuyo kuposa kutsogolo. Msana wawo unali wolowa mkati kwambiri ndipo thupi lawo linali lodzaza kumbuyo, zimene chithunzi cha kutsogolo sichikanawonetsa. Tepi nayo inapereka 104 wolondola, koma sinanene kuti gawo lalikulu la 104 ameneyo lili kumbuyo, ndipo ife tinagawa pakati ndendende chifukwa maso athu anali pa maluwa.

Chinatipulumutsa ndi chizolowezi cha aphunzitsi chosiya masentimita awiri ndi theka pa misoko ya m'mbali ndiponso chosapinda mpendero kasitomala asanayese. Anamasula chidutswa chakumbuyo, anazamitsa madati ake awiri, timapindo tosokedwa timene timakhazika chovala pathupi, anafupikitsa bulauzi pamsana, ndipo mpendero anaulemba ndi choko kuchokera pansi mayiwo ali chiimire. Pomasula msokowo kanachita kusuzumira kachigawo kakang'ono kachikasu ka duwa loyandikana, mbali ya kumanja, kamene mayiwo sanakawone koma ine ndimakakumbukira mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo aphunzitsi ankajambula zithunzi zitatu: kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Cha m'mbali ndi chimene chimaulula msana, mimba ndi mapewa owerama.

Ndi zinthu ziti zina zimene chithunzi sichingakuuzeni?

Sichingakuuzeni mmene nsalu idzagwere. Pensulo imajambula mapindo ofewa pa nsalu iliyonse, pamene chitenje chatsopano cha thonje chimakhala chouma ndipo chimaima chokha m'malo mogwa. Njira yodziwira ndi kuchikoloweka paphewa la kasitomala patsogolo pa galasi, kapena kuchisonkhanitsa m'dzanja n'kuwona ngati chikulendewera kapena chikutukumuka. Sitayelo ya mapindo ambiri pa chitenje chouma imanenepetsa munthu kuposa mmene pepala linalonjezera.

Sichingakuuzeninso za mtundu. Kerayoni, inki ya fotokope ndi galasi la foni zonse zimasintha mitundu, ndipo kuti mudziwe ngati chobiriwira chimenecho chikugwirizana ndi khungu la munthu muyenera kuika nsaluyo pafupi ndi nkhope yake panja, pa kuwala kwa dzuwa. Ndiponso pepala silichapidwa. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndipo zitenje zina zimasuluka, choncho ngati mwiniwake walola, nsalu iviikidwe, iumitsidwe pamthunzi ndi kusitidwa musanayeze maluwa, chifukwa mtunda wa 40 uja ukhoza kuchepa. Makasitomala ena amakana poopa kuti kunyezimira kwa chitenje chatsopano kutha tsiku lisanafike. Zikatero auzeni zoopsa zake ndipo musiye malo okwanira pa misoko ndi pa mpendero.

Chomaliza ndi kuyenda ndi kukhala pansi. Pa chinkhoswe mayi amagwada, amavina popita kukafupa, ndiponso amakhala nthawi yaitali pampando. Siketi yokongola munthu ataima ikhoza kumukaniza kukwera minibasi. Pa tsiku loyesa mupempheni akhale pansi, aweramuke ndi kuponya mapazi angapo.

Kodi zimenezi sizingachitikire pa foni pomwepo osasindikiza chilichonse?

Zingatheke, ndipo ophunzira anga achinyamata amatero. Pali mapulogalamu ojambulira amene amalola kuika chithunzi china pamwamba pa chinzake ndi kuchipangitsa kuwonekera mkati. Mumajambula chitenje chitayalidwa pansi, foni ili pamwamba pake mowongoka, rula ili pa nsaluyo, kenaka mumachichepetsa mpaka rulayo igwirizane ndi msinkhu wa munthu. Ubwino wake ndi woti maluwa amakhala enieniwo, ndipo mukhoza kutumiza zotsatira kwa kasitomala amene ali kutali.

Kuipa kwake n'koti pa foni n'kosavuta kukoka nsalu ndi zala mpaka iwoneke bwino, osazindikira kuti mwachepetsa duwa la masentimita 24 kukhala la 15. Mapulogalamu amene amaveka munthu chovala okha ali ndi vuto lomweli mokulirapo, chifukwa amasalaza thupi, amapanga maluwa amene pa nsalu palibe, ndipo sadziwa kuti muli ndi mamita 4 okha kapena kuti msoko udzadutsa pati. Chilichonse chimene chatuluka pa foni chifunsidwe mafunso awiri omwe aja: duwa ndi lalikulu bwanji poyerekeza ndi thupi, ndipo zidutswa zikukwana pa nsalu kapena ayi. Mayankho ake amapezeka monga tafotokozera pa funso la kukula kwa maluwa ndi la mamita 4.

Bwanji ngati kasitomala wawona zonse koma akuumirirabe sitayelo yake?

Nsalu ndi yake ndipo thupi ndi lake, choncho musokereni. Kusiyana kwake n'koti tsopano akusankha akudziwa. Aphunzitsi ankapempha kasitomala wotero kuti alembe dzina lake ndi tsiku pa pepala limene wasankha, ndipo ankalisunga m'buku la miyeso mpaka chovala chitatengedwa. Ngati nsalu siikukwana ankanena nambala ya mamita owonjezera nthawi yomweyo, chifukwa chitenje cha mtundu womwewo chikhoza kutha pa msika sabata isanathe, ndipo chimene mungapeze pambuyo pake nthawi zina chimasiyana pang'ono mtundu.

Ndiyenera kuvomereza kuti nthawi zina kasitomala woumirirayo ndi amene amakhala wolondola. Telala amazolowera kufuna kuti aliyense awoneke wamtali ndi wochepa thupi, pamene amayi ambiri kwathu kuno amafuna chovala chowonetsa thupi lawo monga lilili, ndipo kansalu ka m'chiuno kamene ife tikuti kakutambalalitsa ndi kamene iwo abwerera.

Nanga chithunzi cha munthu chimathera kuti ntchito ikatha?

Funso limeneli amafunsa kwambiri ndi amayi apabanja, ndipo n'loyenera. Chithunzi cha munthu ataima chilili, atachotsa chitenje cha pamwamba, si chinthu choti chizikhala mu foni ya telala kapena m'kompyuta ya pa fotokope. Aphunzitsi ankapempha chilolezo momveka asanajambule, ndipo ngati n'kotheka ankajambulira pa foni ya kasitomala mwiniwake kuti akasindikize yekha. Akajambulira pa yawo ankafufuta mwiniwake akuwona. Pepala la chithunzi ankalibweza pamodzi ndi chovala, iwo n'kutsala ndi mzere wa thupi wokha umene anaukopera pa pepala lowonekera, wopanda nkhope, kuti udzagwirenso ntchito kasitomalayo akadzabwera ndi nsalu ina.

Amene sakufuna kujambulidwa ndi mwamuna ajambulidwe ndi mnzake kapena mwana wake kunyumba, motsatira malangizo a pa funso la kajambulidwe. Mwana asajambulidwe popanda kholo lake pomwepo. Ndipo chithunzi cha kasitomala chisaikidwe pa intaneti ngati chotsatsira malonda pokhapokha mwiniwake atavomera zimenezo padera, chifukwa kulola kujambulidwa kuti asokeredwe sikutanthauza kuti walola kuwonetsedwa kwa anthu.

Kodi njirayi ndi yoyenera pa ntchito iliyonse?

Ayi. Kwa munthu wozolowera, kukopera thupi, kuchepetsa maluwa ndi kujambula masitayelo atatu kumatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ola limenelo silingabwezedwe ndi yunifolomu ya sukulu, malaya wamba kapena kufupikitsa thalauza la kaunjika. Imapindulitsa pamene nsalu ndi yodula kapena yosapezekanso, pamene maluwa ndi aakulu kapena oloza mbali imodzi, pamene nsalu ndi yoperewera, ndiponso pamene kasitomala wabwera ndi chithunzi cha munthu wosiyana naye thupi. Pa zovala za amuna imathandiza posankha kutalika kwa jekete ndi pamene chigamba cha chitenje chikhale pa malaya, koma kukhala bwino kwa jekete m'mapewa kumadziwika poyesa basi.

Pa magulu ovala zofanana, monga operekeza mkwatibwi kapena kwaya, simufunika kujambula aliyense. Aphunzitsi ankasankha anthu awiri, wamfupi ndi wodzaza thupi kwambiri pagululo ndiponso wamtali ndi wochepa thupi kwambiri, n'kuyesa sitayelo imodzi pa onse awiri. Ikakhala bwino pa awiriwa, otsalawo ankangowayeza ndi tepi, ndipo mamita ogula ankawerengera pa wamkuluyo.